Mwezi umene penti anatayika wochepa kuposa muyezo: kuwerengera mtengo wake ndi mmene malikisi amagawidwira

Funso la mayeso a akaunti limene tilisanthule panoli lili ndi malikisi 20, ndipo likukamba za fakitale yopanga penti. Penti sapangidwa chitini chimodzichimodzi ayi. Zipangizo zimathiridwa m'thanki, n'kusakanizidwa, n'kusefedwa, kenako n'kupita kugawo lothira m'zitini. Choncho palibe amene angaloze lita imodzi n'kunena kuti iyi yadya ndalama zakuti. Chimene chimachitika n'chakuti ndalama zonse zimene gawo lawononga pamwezi zimaphatikizidwa, n'kugawidwa mofanana kwa malita amene apangidwa. Kugawako n'kosavuta. Chimavuta ndi kudziwa kuti tigawe ndi malita angati, ndipo malikisi ambiri a funsoli agona pomwepo.

Zimene funso lapereka ndi izi. Kumayambiriro kwa mwezi m'gawo losakanizira munalibe penti wosatha. M'mwezimo munathiridwa zipangizo zokwana malita 10,000 zamtengo wa $47,000, ndipo zonse zimathiridwa pachiyambi penipeni. Malipiro a antchito anali $20,500. Ndalama zoyendetsera fakitale zimawerengedwa pa 60 peresenti ya malipirowo. Fakitale imayembekezera kuti 10 peresenti ya zothiridwa itayike, ndipo penti wokanidwayo amagulitsidwa $2 pa lita. Penti amayesedwa kumapeto kwa gawolo. Pofika kumapeto kwa mwezi, malita 7,500 anali atatha n'kupita kugawo lotsatira, pamene malita 2,000 anali akadali m'thanki, ntchito yake itafika pa 60 peresenti. Wolemba mayeso akufunsidwa kuti apeze mtengo wa lita imodzi, alembe akaunti ya gawo losakanizira, alembenso akaunti ya phindu kapena kutayika kosayembekezeka.

Malita kaye, ndalama pambuyo

Funso silinanene kuti penti anatayikadi wochuluka bwanji. Tiyenera kupeza tokha. Pa malita 10,000 amene analowa, 7,500 anatha ndipo 2,000 akadali m'thanki, ndiye kuti otayika enieni ndi 500. Koma fakitale inkayembekezera kutaya 1,000. Kusiyana kwa malita 500 ndiye phindu losayembekezeka: penti amene mwa masiku onse akanathera kumgolo wa zokanidwa, koma mwezi uno wapulumuka n'kukhala penti wabwino.

Apa pafunika kumvetsa chifukwa chake sitingonena kuti mwezi uno tataya 500 basi, nkhani yatha. Kutayika koyembekezeka ndi mbali ya mtengo wopangira katundu. Penti wina amakanirira m'mapaipi, wina amauma, wina sakwanira muyezo wa mtundu, ndipo zimenezi sizingapewedwe ngakhale antchito atasamala bwanji. Wogula penti wabwino ndiye amasenza mtengo wa wotayikayo. Tsono mtengo wa lita imodzi umayenera kuwerengedwa potengera zimene fakitale imayembekezera kutulutsa, osati zimene zangochitika mwezi umodzi. Tikapanda kutero, lita idzaoneka yotsika mtengo m'mwezi wamwayi ndi yokwera mtengo m'mwezi watsoka, ndipo oyang'anira fakitale sadzaona n'komwe kuti china chake chasintha. Kusiyanako timakupatula, n'kukuika mu akaunti yakeyake kuti kuoneke.

Malita ofanizira

Malita 2,000 amene ali m'thanki sangawerengedwe ngati penti wotha, koma sangasiyidwenso, pakuti adya kale ndalama. Timawasandutsa malita ofanizira, kutanthauza kuti timafunsa: ntchito imene yagwiridwa pa penti wosathayu ikanatha malita angati athunthu? Yankho limasiyana malinga ndi mtundu wa ndalama. Zipangizo zinathiridwa zonse pachiyambi, choncho kumbali ya zipangizo malita 2,000 ndi 2,000 ndithu. Kumbali ya ntchito ndi ndalama zoyendetsera fakitale, zimene pamodzi tizitcha ndalama zokonzera, malitawo afika pa 60 peresenti, ndiye akufanana ndi malita 1,200 otha.

| | Malita enieni | Zipangizo | Zokonzera |
|---|---|---|---|
| Penti wotha | 7,500 | 7,500 | 7,500 |
| Kutayika koyembekezeka | 1,000 | 0 | 0 |
| Phindu losayembekezeka | −500 | −500 | −500 |
| Penti wosatha | 2,000 | 2,000 | 1,200 |
| Onse pamodzi | 10,000 | 9,000 | 8,200 |

Mizere iwiri yapakatiyo ndi imene imagwetsa anthu. Kutayika koyembekezeka tikukupatsa ziro mwadala. Tikachotsa malita 1,000 pa nambala yogawira, lita iliyonse yotsala imakwera mtengo pang'ono, ndipo umu ndi mmene penti wabwino amasenzera mtengo wa wotayika popanda kuwerengera kwina.

Phindu losayembekezeka timalichotsa, sitiliphatikiza. Chifukwa chake n'chakuti malita 500 amenewa ali kale m'kati mwa malita 7,500 otha. Si penti wina amene waima payekha. Ndalama za mweziwo zinayenera kutulutsa malita 9,000, koma penti wabwino amene alipo, wotha ndi wosatha, ndi 9,500. Kuti tibwerere pa 9,000 tiyenera kuchotsa 500. Njira yodziyesera ndi yachidule: ngati zipangizo zonse zimathiridwa pachiyambi ndipo panalibe penti wosatha kumayambiriro, malita ofanizira a zipangizo ayenera kufanana ndi zothiridwa kuchotsapo kutayika koyembekezeka. 10,000 kuchotsa 1,000 ndi 9,000. Mukapeza nambala ina, bwererani musanapitirire. Ndipo popeza penti amayesedwa kumapeto, malita opulumukawo ndi penti wotheratu, choncho timachotsa 500 yathunthu mbali zonse ziwiri.

Mtengo wa lita imodzi

Penti wokanidwa amabweretsa kandalama, ndipo kandalamako kamachepetsa mtengo wa zipangizo. Funso ndi lakuti tichotse zingati. Amene anagulitsidwadi ndi malita 500, omwe abweretsa $1,000, ndipo ambiri amafulumira kuchotsa imeneyi. N'kulakwa. Popeza tikuwerengera mtengo potengera zoyembekezeka, ndalama za penti wokanidwa nazonso zikhale zoyembekezeka: malita 1,000 pa $2, zomwe ndi $2,000. Simungagawe ndi malita oyembekezeka kwinaku mukuchotsa ndalama zenizeni.

Zipangizo: ($47,000 − $2,000) ÷ 9,000 = $5 pa lita.

Ndalama zoyendetsera fakitale ndi 60 peresenti ya $20,500, yomwe ndi $12,300. Kuphatikiza ndi malipiro, zokonzera zonse ndi $32,800.

Zokonzera: $32,800 ÷ 8,200 = $4 pa lita.

Lita imodzi yotha ndi $9. Penti wotha ndi 7,500 × $9 = $67,500. Phindu losayembekezeka limapatsidwa mtengo womwewo wa penti wabwino, 500 × $9 = $4,500, osati $2 ya penti wokanidwa. Penti wosatha amawerengedwa pawiri: 2,000 × $5 = $10,000 ya zipangizo, ndi 1,200 × $4 = $4,800 ya zokonzera, pamodzi $14,800. Amene amangochulukitsa 2,000 ndi $9 n'kupeza $18,000 waiwala chifukwa chimene anajambulira tebulo lija.

| Debiti | Malita | $ | Kirediti | Malita | $ |
|---|---|---|---|---|---|
| Zipangizo | 10,000 | 47,000 | Kutayika koyembekezeka | 1,000 | 2,000 |
| Malipiro | | 20,500 | Penti wotha | 7,500 | 67,500 |
| Zoyendetsera fakitale | | 12,300 | Penti wosatha | 2,000 | 14,800 |
| Phindu losayembekezeka | 500 | 4,500 | | | |
| | 10,500 | 84,300 | | 10,500 | 84,300 |

Phindu lili kudebiti chifukwa kukirediti tatulutsa malita 10,500 papepala, pomwe analowa ndi 10,000 okha. Talemba kutayika kwa 1,000 pomwe otayikadi ndi 500 okha, ndiye malita 500 ayenera kubwezedwa mbali inayo.

Akaunti ya phindu losayembekezeka ndi yaifupi, koma ili ndi msampha wake. Imalandira $4,500 kukirediti kuchokera ku akaunti ya gawo. Sikuti $4,500 yonseyo ndi phindu la fakitale. Malita 500 opulumukawo akanagulitsidwa ngati penti wokanidwa pa $2, ndipo ndalama imeneyo, $1,000, siibweranso. Akaunti ya penti wokanidwa inalembedwa $2,000 kudebiti, koma ndalama zimene zalowa ndi $1,000 yokha. Kuperewerako kumachotsedwa pa phindu: debiti akaunti ya phindu $1,000, kirediti akaunti ya penti wokanidwa $1,000. Zotsala, $3,500, ndi zimene zimapita ku akaunti ya phindu ndi kutayika ya kampani yonse.

Mmene malikisi 20 agawidwira

Ndondomeko yochongera siipereka malikisi ku yankho lomaliza lokha. Imaduladula funso m'masitepe, ndipo sitepe iliyonse ili ndi mtengo wake. Pa funso lathuli tagawa motere. Kupeza malita a kutayika koyembekezeka ndi a phindu, malikisi awiri. Tebulo la malita ofanizira, asanu ndi amodzi: amodzi pa penti wotha, amodzi pa ziro wa kutayika koyembekezeka, awiri pochotsa phindu mbali zonse ziwiri, awiri pa penti wosatha. Mtengo wa lita, anayi: kuchotsa ndalama za penti wokanidwa, kupeza $32,800, ndi kugawa kuwiri kuja. Kuika mitengo, anayi: amodzi pa penti wotha, awiri pa wosatha, amodzi pa phindu. Akaunti ya gawo, awiri: kutayika koyembekezeka kukirediti pamtengo wa penti wokanidwa, ndi phindu kudebiti. Akaunti ya phindu, awiri omaliza. Bungwe lina la mayeso likhoza kugawa mosiyanako, koma maganizo ake ndi amodzi.

Malikisi amenewa ali mitundu iwiri. Ena amafuna nambala yeniyeni yolondola, monga 1,000, 1,200 kapena $32,800, chifukwa nambalazo zimachokera m'funso mwachindunji ndipo palibe cholakwa cham'mbuyo chimene chingazisokoneze. Ena amatsata nambala ya wolemba mwini. Ngati walakwitsa malita ofanizira, koma wagawa ndalama zoyenera ndi malita ake olakwikawo, malikisi a kugawa amalandira. Ochonga ambiri amalemba OF pambali pa malikisi oterowo, kusonyeza kuti nambala si ya m'ndondomeko koma njira ndi yolondola. Cholinga n'chakuti cholakwa chimodzi chilangidwe kamodzi, pamalo pamene chachitikira, osati pamzere uliwonse wotsatira. Mu funso lotere lamuloli ndi lofunika kwambiri, chifukwa nambala iliyonse ya ndalama imadalira tebulo limodzi lija. Popanda lamuloli, kuphonya chizindikiro chimodzi kukanafafaniza tsamba lonse.

Tiyeni tione mapepala anayi oyerekezera, aliyense ndi cholakwa chake.

Woyamba wapeza bwinobwino kuti pali phindu la malita 500, koma m'tebulo waliphatikiza m'malo molichotsa, monga mmene akanachitira ndi kutayika koposa muyezo. Malita ake ofanizira ndi 10,000 ndi 9,200. Wagawa $45,000 ndi 10,000 n'kupeza $4.50, wagawa $32,800 ndi 9,200 n'kupeza pafupifupi $3.565. Penti wotha wamupatsa $60,489, wosatha $13,278, phindu $4,033. Palibe nambala imodzi mwa zitatuzi imene ikugwirizana ndi yankho la m'ndondomeko, ndipo wochonga wothamanga akhoza kungodula mzere pepala lonse. Koma mukatsata mzere ndi mzere, cholakwa ndi chimodzi. Wataya malikisi awiri a m'tebulo. Kugawa kwake n'kolondola pa nambala zake, kuika mitengo n'kolondola, phindu waliika kudebiti, ndipo mu akaunti ya phindu wachotsa $1,000 n'kutsala ndi $3,033. Apeza 18.

Akaunti yake siigwirizana mbali ziwiri, ndipo kusiyanako kumaulula nthendayo. Debiti ndi $83,833, kirediti ndi $75,767, kusiyana $8,066. Imeneyi ndi $4,033 kuwirikiza kawiri. Kusiyana kukakhala kuwirikiza kawiri kwa nambala ina ya mu akaunti, dziwani kuti nambalayo yaikidwa ndi chizindikiro cholakwika penapake. Choopsa ndi chimene ena amachita akaona zimenezi: amasamutsira phindu kukirediti, ndipo ndalama zimagwirizanadi, $79,800 uku ndi uku. Mtima umakhala pansi, koma tsopano wataya malikisi enanso a mu akaunti ya gawo, ndipo akaunti ya phindu nayo ituluka chozondoka. Akanayang'ana mzati wa malita akanaona kuti akutulutsa 11,000 pomwe analowa ndi 10,000. N'chifukwa chake mzati wa malita suyenera kusiyidwa mu akaunti ya gawo ngakhale funso lisanautchule.

Wachiwiri tebulo lake lili bwino, koma waiwala kuchotsa $2,000. Wagawa $47,000 ndi 9,000 n'kupeza $5.2222. Penti wotha wafika $69,167, wosatha $15,244, phindu $4,611. Wataya malikisi amodzi, wapeza 19. Akaunti yake ikusiyana ndi $2,000 ndendende, kirediti ikuposa, chifukwa ndalama imeneyo yatuluka kawiri: kamodzi m'mtengo wa penti, kachiwiri pamzere wa kutayika koyembekezeka. Nambala zosatha bwino ngati $5.2222 si umboni wakuti mwalakwa, pakuti si mafunso onse amene amatha ndi nambala zoyera, koma ndi chifukwa chokwanira chobwerezera kuwerenga funso.

Wachitatu ndiye womvetsa chisoni. Cholakwa chake n'chofanana ndi cha woyamba uja, nambala zake n'zomwezo, koma zonse wawerengera pa kakyuleta n'kungolemba maakaunti awiri. Palibe tebulo, palibe mtengo wa lita. Wochonga akuona $60,489 pamene payenera kukhala $67,500, ndipo palibe chomuuza kuti yachokera kuti. Sangapereke malikisi a njira imene sakuiona, ndipo si udindo wake kukhala pansi n'kumayesa kulosera mmene nambalayo inabadwira. Chimene angapereke ndi chooneka: malita 1,000 ndi 500 ali mumzati wa malita, awiri; kutayika ndi phindu zili mbali zoyenera, awiri; akaunti ya phindu yatsata nambala yake, awiri. Onse pamodzi 6. Nzeru za anthu awiriwa n'zofanana, koma akusiyana ndi malikisi 12. Chikanakhala kuti nambala zake zomaliza zinali zolondola, ochonga ambiri akanampatsa malikisi onse ngakhale popanda njira, chifukwa yankho lolondola limachitira umboni njira yake. Kusalemba njira ndi juga imene imalipira pokhapokha ngati simunalakwitse kalikonse.

Wachinayi akutisonyeza malire a lamulo la nambala ya mwini. Iye waona kuti otayika ndi 500, n'kuwatenga onsewo ngati kutayika koyembekezeka. Kwa iye phindu kulibe. Malita ake ofanizira ndi 9,500 ndi 8,700, wachotsa $1,000, ndipo akaunti yake ikugwirizana bwino lomwe, malita ndi ndalama zomwe. Tinganene kuti nayenso walakwitsa kamodzi. Koma cholakwa chakechi chafafaniza mbali yonse yovuta ya funso. Malikisi a phindu m'tebulo, a mtengo wa phindu, a kuliika kudebiti, ndi a akaunti ya phindu sangaperekedwe, chifukwa palibe chimene walemba choti chichongedwe. Kuphatikiza ndi awiri oyambirira, wataya asanu ndi atatu. Kuchotsa $1,000 tikhoza kukuvomera, popeza kukutsata malita ake a kutayika. Apeza 12. Lamuloli limateteza amene wagwira ntchito ndi nambala yolakwika, koma silipereka malipiro pa ntchito yosagwiridwa.

Chimodzimodzinso ndi nambala yongodzazira. Wolemba wina, nthawi ikamuthera, amaphatikiza debiti, n'kuchotsa zimene ali nazo kukirediti, zotsalazo n'kuzitcha penti wosatha. Malikisi awiri a penti wosatha ndi a kuchulukitsa malita ofanizira ndi mitengo yake. Ngati nambala yongodzazirayo yalakwika, palibe njira yoti itsatidwe, ndipo sapeza kanthu. Kusiya akaunti yosagwirizana, njira zonse zili poyera, kumapindulitsa kuposa kuikakamiza. Kawirikawiri kugwirizana kwa mbali ziwiri pakokha kulibe malikisi, kapena kuli ndi ochepa kwambiri.

Za kufupikitsa manambala tisatayepo nthawi. Amene wagwiritsa ntchito $3.57 m'malo mwa $3.565 adzasiyana ndi mnzake ndi madola makumi angapo, ndipo wochonga wanzeru salanga zimenezo malinga ngati mtengo umene wagwiritsa ntchito ukuoneka. Chabwino n'kusunga manambala anayi pambuyo pa kadontho powerengera, n'kufupikitsa pamapeto.

Zonsezi zikukhudza mayeso amene munthu amawerenga pepala. Pa mafunso osankha yankho limodzi mwa anayi, kapena olemba nambala m'kabokosi pakompyuta, njira siionedwa, ndipo mayankho olakwika amene amaikidwa pambali pa lolondola amapangidwa kuchokera ku zolakwa zodziwika ngati zimenezi. Pa funso lathuli, $4.50 ndi $5.22 zikanakhala pamndandanda zikudikirira.

Pamene wochonga ayenera kudekha: malo oyesera penti

Pali mfundo ina imene odziwa ntchitoyi amatsutsirana, ndipo imakhudza kachongedwe. Funso lati penti amayesedwa kumapeto. Ndiye kuti malita 2,000 amene ali pa 60 peresenti sanafike poyesedwa, ndipo palibe lita imodzi mwa iwo imene yakanidwa. Komabe njira yathu yopatsa kutayika ziro yakweza mtengo wa lita iliyonse, kuphatikizapo penti wosathayo. Tamusenzetsa mtengo wa kutayika kumene sanakuchititse, ndipo mwezi wamawa, akadzafika poyesedwa, adzasenzanso kwina.

Njira yaitali imakonza zimenezi. Kutayika koyembekezeka kumapatsidwa malita ofanizira athunthu, 1,000 mbali zonse ziwiri, mtengo wake n'kuwerengedwa, kuchotsapo $2,000, kenako zotsalazo n'kusenzetsedwa penti yekhayo amene wadutsa poyesera. Tikatero malita ofanizira amakhala 7,500 + 1,000 − 500 + 2,000 = 10,000 ku zipangizo, ndi 9,200 ku zokonzera. Zipangizo zimakhala $4.70 pa lita, ndipo penti wosatha amatsika kufika $9,400 + $4,278 = $13,678. Kusiyana ndi $14,800 ija ndi $1,122. Kwa ife njira yaitaliyi ndiyo yolondola kwambiri pamene penti wosatha ndi wambiri ndipo sanayesedwe. Yaifupi imakondedwa chifukwa ndi yachangu, ndipo siilakwa ngati penti wosatha wadutsa kale poyesera, kapena ngati kutayika kumachitika pang'onopang'ono m'gawo lonse. Mabuku ndi mabungwe a mayeso amasiyana pa njira imene amaphunzitsa, choncho wolemba atsate ya silabasi yake.

Mwina mwaona kale kuti 10,000 ndi 9,200 ndi manambala omwe aja a pepala loyamba. Zangochitika chifukwa mu funso lino kutayika koyembekezeka ndi kuwirikiza kawiri kwa phindu: kuphatikiza 1,000 n'kuchotsa 500 n'chimodzimodzi ndi kuphatikiza 500. Wochonga amene amangoyang'ana mzere wapansi wa tebulo akhoza kulanga wolemba wa njira yaitali ngati kuti wasokoneza chizindikiro, kapena kupatsa wosokoneza chizindikiro ulemu wa njira yaitali. Ayenera kuwerenga mizere yapakati. Ngati ndondomeko yochongera ikuvomera njira zonse ziwiri, wa njira yaitali amachongedwa ndi masitepe a njira yakeyo. Ngati siikunena kanthu, pepala lotero limapita kwa mkulu wa ochonga kuti agamule, ndipo chigamulocho chimagwira pa mapepala onse ofanana nalo.

Mawu a funso amasinthanso kukula kwa phindu. Lathuli lati 10 peresenti ya zothiridwa. Likanati 10 peresenti ya penti wofika poyesera, tikanayambira pa malita 8,000, omwe ndi 7,500 otha ndi 500 okanidwa. Kutayika koyembekezeka kukanakhala 800, phindu 300, ndipo nambala iliyonse pansipo ikanasintha. Wolemba amene watenga 800 pa funso lathuli wataya malikisi a kutayika koyembekezeka, koma 300 yake ikutsata bwino nambala yake, ndipo masitepe ena onse akhoza kupata malikisi.

Funso likakhala ndi penti wosatha kumayambiriro kwa mwezi, pamabwera kusankha pakati pa njira ya avereji ndi ya FIFO, imene imatenga kuti penti woyamba kulowa ndiye woyamba kutha, ndipo tebulo limatalika. Mizere ya kutayika ndi phindu siisintha kachitidwe: ziro pa koyembekezeka, kuchotsa pa phindu. Chimene chimasokonekera ndi njira yodziyesera ija, chifukwa malita a kumayambiriro ayenera kulowa m'chiwerengero cha zolowa musanapeze otayika enieni, pomwe peresenti ya kutayika kawirikawiri imawerengedwa pa zothiridwa za mwezi uno zokha, pokhapokha funso litanena zina.

Pamene funso silinanene poyesera penti, kapena silinanene chimene peresenti ikuwerengedwapo, wolemba alembe chiganizo chimodzi pamwamba pa tebulo lake, monga chakuti "ndatenga kuti penti amayesedwa kumapeto ndipo kutayika koyembekezeka kulibe malita ofanizira". Chiganizo chimenecho chimauza wochonga njira imene ayenera kutsata, ndipo ngati ndondomeko inatenga mbali ina, wolembayo amataya malikisi a sitepe imeneyo yokha.